Mitundu ingapo ya lebulo musanasindikize zambiri: poyambira ndi pomwe ambiri amagwa

"Ndimapanga chiponde cha m'mabotolo a magalamu 500 ndipo ndikufuna kusindikiza malebulo 5,000. Dizaini ilipo kale koma mtundu ndi umene wandizunguza mutu. Ndingapange bwanji mitundu ingapo kuti makasitomala asankhe ndisanalipire ku pulinta?"

Mayi, musawafunse anthu pa foni. Afunseni atagwira botolo lenileni, muli chiponde, lebulo yosindikizidwa itamatidwa. Foni imapanga mtundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, zomwe pakompyuta zimalembedwa RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, zija za CMYK: C ndi buluu wowala, M ndi wofiira wopita ku pinki, Y ndi wachikasu, K ndi wakuda. Mitundu ina yowala kwambiri yomwe imaoneka pa sikirini inki siitha kuitulutsa. Wobiriwira wonyezimira umatuluka wozilala, olenji wowala umafooka, ndipo buluu wakuda nthawi zambiri umapendekera ku pepo. Onjezani poti foni iliyonse imaonetsa mwa njira yake, ina mwiniwake anachepetsa kuwala kuti batire lisathe msanga. Anthu 50 akavota pa WhatsApp amakhala avotera mitundu 50 yosiyana, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene udzatuluke pa pepala.

Popanga mitunduyo, sinthani chinthu chimodzi chokha: mtundu wa kumbuyo kwa lebulo. Dzina la malonda, chithunzi cha mtedza, kukula kwa zilembo ndi malo a chilichonse zikhale chimodzimodzi. Mukasintha mtundu n'kusinthanso zilembo, kasitomala akaloza botolo simudziwa chimene chamukoka. Chololedwa kusintha limodzi ndi mtundu wa kumbuyowo ndi mtundu wa zilembo basi, zoyera pa mtundu wakuda, zakuda pa mtundu wowala, kuti ziwerengeke.

Mitundu inayi ndi yokwanira. Ikapitirira isanu anthu amatopa n'kumangoloza kuti muwasiye apite. Ndipo ikhale yotalikirana ndithu, osati yofiira inayi yongosiyana kuwala. Musanasankhe, kayimeni kaye pa shelefu ya chiponde m'sitolo yomwe mukufuna kugulitsamo, muone mtundu umene wadzaza pamenepo. Mwa mitundu yanu inayi, umodzi ufanane ndi umene anthu anauzolowera pa chiponde, ndipo umodzi ukhale woti palibe wina ali nawo pa shelefupo. Poyambira mungatenge manambala awa, osonyeza kuchuluka kwa inki iliyonse pa 100:

```
Wofiira:     C0   M95 Y90  K0
Wachikasu:   C0   M15 Y100 K0
Wobiriwira:  C85  M25 Y95  K15
Wabuluu:     C100 M65 Y0   K10
```

Wabulauni ndausiya dala. Pa kompyuta umaoneka woyenera chifukwa umakumbutsa mtedza wokazinga, koma botolo lanu ndi loonekera ndipo chiponde chomwecho ndi chabulauni, choncho lebulo imamira m'kati mwa chipondecho. Pa buluu samalani ndi nambala ya M: ikayandikira nambala ya C, monga C100 M90, pa pepala mudzalandira pepo.

Ngati dizaini ili mu CorelDRAW, wokukonzerani aike mtundu wa kumbuyo mu Color Styles kuti akasintha pamodzi usinthe paliponse. Mu Illustrator agwiritse Recolor Artwork. Mu Canva dinani Duplicate page katatu, tsamba lililonse mulipatse mtundu wake, ndipo potsitsa sankhani PDF Print ndi Crop marks and bleed. Dziwani kuti mu Canva mtundu umalembedwa ndi nambala ya HEX, yomwe ndi ya pa sikirini, ndipo kutsitsa fayilo ya CMYK kuli pa akaunti yolipira. Ngati yanu ndi yaulere, apulinta ndi amene adzatembenuze mitunduyo, nchifukwa chake kuona sampulo ya pa pepala sikuthawika. Mtundu wa kumbuyo upyole mzere wodulira ndi mamilimita 3 mbali zonse, apo ayi mpeni ukaphonya pang'ono m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Chithunzi chikhale cha 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula kwake kwenikweni.

Pali zinthu ziwiri zomwe zisamayende ndi mtundu. Bakodi ikhale yakuda pa kabokosi koyera pa malebulo onse anayi. Makina ambiri a pa thilu amawerenga ndi kuwala kofiira, motero mizere yofiira kapena ya olenji saiona, ndiponso mizere yakuda pa wobiriwira wakuda kapena pa buluu imawavuta. Chachiwiri ndi zilembo zing'onozing'ono, za zosakaniza, kulemera, tsiku lothera ntchito ndi keyala yanu. Zakuda zikhale K100 yokha, zisasakanizidwe ndi inki zina, chifukwa inki zinayi zikapanda kugwera pamodzi ndendende chilembo chimatuluka ndi mthunzi. Ngati muli ndi chizindikiro cha MBS, chisiyeni mmene anakupatsirani.

Tsopano za kusindikiza sampulo. Tinene kuti lebulo yanu ndi ya mamilimita 180 m'litali ndi 70 m'lifupi. Kuphatikiza mamilimita 3 aja mbali zonse imakhala 186 ndi 76. Pa pepala la sitika la SRA3, lomwe ndi mamilimita 450 ndi 320, pamalowa malebulo 8: mizere inayi ya malebulo awiriawiri. Auzeni aike mitundu yonse inayi pa pepala limodzi, iliyonse kawiri, ndipo asindikize mapepala atatu. Mutuluka ndi malebulo 6 a mtundu uliwonse, pa mtengo wa mapepala atatu okha. Pepalalo likhale lomwe lidzagwiritsidwe pa oda yaikulu, ndipo ngati mudzakuta ndi kapulasitiki kaja ka lamineshoni, sampulo nayonso ikutidwe. Konyezimira kamazamitsa mtundu, kosanyezimira kamauziziritsa, moti wofiira yemweyo amaoneka ngati mitundu iwiri. Pa chiponde kapulasitikika musakanyalanyaze: mafuta akadontha pa pepala losakutidwa amasiya banga lakuda. Pakani dontho la chiponde pa sampulo imodzi, muisiye usiku wonse, m'mawa mupukute muone.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa kafunsidwe. Matani malebulo pa mabotolo odzaza, onse a chivindikiro chofanana. Kunsi kwa botolo lembani chizindikiro chanu, osati 1, 2, 3, 4 poonekera, popeza anthu ena amangotenga woyamba. Ikani mabotolo anayiwo pa shelefu pakati pa chiponde cha anthu ena ngati mwini golosale walola, ndipo munthu aime patali mamita awiri. Funsani mmodzimmodzi. Pagulu, wolankhula woyamba ndi amene amasankhira onse, makamaka akakhala wamkulu kapena wolemekezeka. Abale ndi anzanu a ku tchalitchi asachuluke, amayankha zoti musangalale. Mukufuna anthu ogula chiponde ndi ndalama zawo.

Funso lisakhale lakuti "mtundu wokongola ndi uti?" Munthu angakonde buluu pa chitenje koma osaukhulupirira pa chakudya. Funsani kuti "mutafuna chiponde lero, mungatenge botolo liti?" Akaloza, funsani chifukwa, mulembe mawu ake enieni. Kenako funsani lomwe likuoneka lodula ndi lomwe sangatenge n'komwe. Funso lomalizali limathandiza kwambiri, chifukwa mtundu ungakhale ndi oukonda ambiri komanso oukana ambiri. Pakatha anthu asanu aliwonse sinthani malo a mabotolo, kuti lomwe lili pakati kapena pafupi ndi dzanja lisapambane chifukwa cha malo. Yesani m'malo awiri osachepera, m'kati mwa sitolo momwe muli magetsi ndi panja pa dzuwa, pakuti wachikasu ndi wobiriwira amasintha nkhope malinga ndi kuwala.

Tinene mwafunsa anthu 40 ndipo zatuluka motere: wofiira 17, wobiriwira 13, wachikasu 7, wabuluu 3. Chomwe mwadziwa motsimikiza ndi chakuti wabuluu wagwa, ndipo wachikasu akuoneka wotsalira. Koma musathamange kunena kuti wofiira wapambana. Kusiyana kwa 17 ndi 13 ndi anthu anayi okha. Awiri atasintha maganizo ikhala 15 kwa 15. Apa pakufunika ulendo wachiwiri wa mitundu iwiri yokha, ndipo ulendo uno asavote ndi pakamwa, agule. Sindikizani malebulo 48 a mtundu uliwonse, omwe ndi mapepala 12 onse pamodzi, ikani mabotolo m'magolosale awiri kapena atatu, moyandikana, pa mtengo umodzi, kwa masabata awiri. Sabata yachiwiri sinthanitsani mbali. Onetsetsani kuti mtundu wina usathe pa shelefu, chifukwa ukatha anthu amagula wotsalawo ndipo chiwerengero chimanama. Mukapeza 40 kwa 22, nkhani yatha. Mukapeza 33 kwa 30, ndiye kuti makasitomala alibe nazo kanthu, sankhani nokha mtundu umene ukusiyana kwambiri ndi anzanu pa shelefu.

Chotsala ndi chomwe chimaliza anthu ngakhale atachita zonsezi bwino. Sampulo zimasindikizidwa pa makina a dijito, koma malebulo 5,000 apulinta ambiri amawapititsa pa makina a mapuleti, ofuseti kapena fulekiso, chifukwa pa kuchuluka kotere mtengo wa lebulo imodzi umatsika. Manambala omwewo a CMYK pa makina awiriwa satulutsa mtundu wofanana ndendende. Choncho funsani kuyambira pachiyambi kuti oda yaikulu idzayenda pa makina ati. Tengani malebulo awiri a mtundu wopambana uja, musaine kumbuyo ndi tsiku, imodzi musiye kwa apulinta, ina musunge m'envulopu pomwe sipafika dzuwa, ndipo pa pepala la oda palembedwe kuti mtundu ufanane ndi sampulo yosainidwa. Pemphani kuti akuitaneni tsiku losindikiza muone mapepala oyamba makina asanathamange. Muyerekezere pafupi ndi windo masana, malebulo awiriwo atagundana. Kusiyana pang'ono kumakhalapo ndithu. Chokana ndi wofiira wosanduka olenji kapena wobiriwira wopita ku buluu.

Ngati mtunduwo ndi umene mukufuna anthu azikudziwirani chaka ndi chaka, funsani ngati apulinta ali ndi buku la Pantone, loonetsa mitundu ya inki ndi nambala zake, musankhe nambala m'bukumo. Inki yake imasakanizidwa payokha ndipo imafuna puleti yakeyake, ndiye mtengo umakwera, koma oda ya chaka chamawa imafanana ndi ya lero. Nambalayo musankhe m'buku la mapepala lenileni, osati pa chithunzi cha pa foni, ndipo muone chilembo cha kumapeto: C ndi ya pepala losalala lokutidwa, U ndi ya pepala losakutidwa lomwe limamwa inki.

Kwa ena amene mukufuna kusindikiza pa timatumba ta pulasitiki toonekera kapena pa pepala labulauni lija, njira yofunsira anthu ndi yomweyi, koma sampulo ya pa sitika yoyera siikuuzani zoona. Inki za CMYK ndi zoonekera, zimadalira kuyera kwa pepala. Pa thumba loonekera pamafunika inki yoyera pansi, ndipo pa pepala labulauni wachikasu amangosowa pamene buluu amada. Pemphani sampulo pa chinthu chenichenicho, kapena apulinta akuonetseni ntchito yakale yomwe anasindikiza pa thumba la mtundu womwewo.