Ndatumiza ndalama pa nambala yolakwika

"Abale, ndatumiza K45,000 pa Airtel Money koma ndaphonya dijiti imodzi, yapita kwa munthu wina. Ingabwerere?"

Achimwene, kubwerera imabwerera koma pokhapokha ngati winayo sanaitape. Imbani kasitomala keya ya Airtel pompano, osati mawa, kapena pitani ku shopu yawo ndi chitupa chanu. Meseji yotsimikiza ija musafufute, muli nambala ya tilanzakishoni, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, ndiye zomwe akakufunseni zimenezo.

Ine ndili pa kabenchi ka ejenti, nkhanizi ndimaziona pafupipafupi. Ngati ndalama ikadali mu waleti ya winayo a Airtel amatha kuigwira kaye kuti isatuluke, kenako amamuimbira kuti avomereze, ndiye imatenga masiku ndithu osati ola limodzi ayi. Koma akathamangira kwa ejenti nkutapa, kapena kugula yuniti ndi magetsi, kampani siingakubwezereni za mthumba mwake, ndipo ngati watapa K30,000 ndiye chiyembekezo chanu chili pa K15,000 yotsalayo basi.

Ine ndimati yambani kuimbira kampani musanamuimbire munthuyo, chifukwa ena samadziwa nkomwe kuti kwalowa ndalama, foni yanuyo ndi imene imawadzutsa. Mukamuimbira lankhulani mwaulemu, ambiri amabweza, mwina kumusiyirako ya yuniti.

Akakana kapena kuthimitsa foni, kaneneni kupolisi ndi meseji ija, nambalayo inalembetsedwa ndi chitupa ndiye mwini wake amapezeka, koma zimakoka nthawi. Ikakhala ndalama yambiri funsani loya kapena a Legal Aid Bureau za kukhoti.