Galasi Liikidwe Pati M'chipinda cha Zenera Limodzi?

"Ndikuchita lendi kachipinda ku Rosettenville, zenera limodzi laling'ono, masana omwe mdima. Galasi lingathandize?"

Lingathandize achimwene, koma galasi silipanga kuwala, limangobweza komwe lalandira. Masana gwirani kagalasi kakang'ono pamakoma, pomwe mukuona thambo m'galasimo ndi pamene pali malo ake. Nthawi zambiri ndi khoma la m'mbali, pafupi ndi zenera. Kukaonekamo mpanda wa aneba okha, mwataya ndalama.

Kuno ku Joni dzuwa limadzera kumpoto, makamaka mu June. Ngati zenera layang'ana kumeneko, gonekani galasi la masentimita 30 m'lifupi pansi pa zeneralo mkati, lipendekere pang'ono kuchipinda, kuwala kugunde siling'i yoyera n'kumwazika. Kukathobwa m'maso mutakhala pampando, mwalipendeketsa kwambiri.

Zenera likakhala loyang'ana kumwera, penti yoyera imaposa galasi.