Phindu lilipo m'mabuku, nanga ndalama zili kuti?

"Ndimapikulitsa katundu, ndipo malonda akukwera. Mabuku akuonetsa phindu, koma mwezi ukamatha ndimasowa zolipirira antchito. Ndalama zikulowera kuti?"

Zikomo polemba. Ndalama zanu sizinatayike ayi. Zina zagona pa mashelefu, zina zili m'matumba mwa makasitomala. Chofunika kuwerenga ndi masiku amene amadutsa kuyambira pamene mwalipira katundu kufikira pamene wogula wakulipirani:

```
CCC = DIO + DSO - DPO
```

Ndiye kuti masiku amenewa, omwe ndi CCC, mumawapeza potenga DIO, masiku amene katundu amakhala asanagulidwe, kuphatikiza DSO, masiku amene makasitomala amatenga asanalipire, kuchotsapo DPO, masiku amene okugulitsani amakudikirani.

Tiyerekeze kuti katundu amene mumagulitsa pachaka mumamuoda pa ndalama zokwana 3,650,000, kutanthauza 10,000 patsiku. Ngati mosungiramo mumakhala katundu wa 600,000, ndiye kuti amagona masiku 60. Malonda a pachaka ndi 4,380,000, onse pangongole, kapena kuti 12,000 patsiku. Makasitomala akakhala ndi ngongole ya 540,000, amenewo ndi masiku 45. Inu muli ndi ngongole ya 300,000 kumene mumaoda, omwe ndi masiku 30. Samalani apa: katundu ndi ngongole zanu mumagawa ndi mtengo woodera, koma ngongole za makasitomala mumagawa ndi mtengo wogulitsira. Ambiri amasokoneza pamenepa.

Zotsatira zake ndi masiku 75, ndipo mpamba womangika ndi 840,000. Tsono malonda akakwera ndi 25 peresenti masiku osasintha, pafunika 210,000 ina, ndipo ifunika phindu la malonda atsopanowo lisanafike m'manja. N'chifukwa chake kukula kwa bizinesi n'kumene kukukufinyani.

Ine ndingayambire pa katundu, chifukwa pamenepo simupempha chilolezo kwa munthu. Masiku 60 aja amabisa zambiri: mwina katundu woyenda amatha m'masabata awiri, pamene wina wakhala miyezi isanu akutola fumbi. Werengani mtundu uliwonse paokha. Wosayendayo kawirikawiri amachokera ku maoda aakulu amene munakopeka nawo chifukwa chotsitsiridwa mtengo. Mutsitseni atuluke, ndipo muzioda pang'ono koma pafupipafupi. Mukafika pa masiku 45, mwamasula 150,000. Musadule mpaka mashelefu kuuma, poti kasitomala akabwerera chimanjamanja kawiri amakazolowera kwina.

Kwa makasitomala, onani tsiku limene invoisi imatuluka. Ngati munagwirizana masiku 30 koma akulipira pa 45, mwina vuto ndi lanu: katundu amapita lero, invoisi n'kutsatira patatha sabata, kapena imabwezedwa chifukwa yalakwika. Tsiku lililonse lochedwa likumanga 12,000.

Okugulitsani mukhoza kuwapempha masiku 45, koma mugwirizane poyera. Kungochedwetsa malipiro mwakachetechete kumakongoletsa chiwerengero kwa miyezi ingapo, kenako amayamba kufuna ndalama katundu asanatuluke, masiku 75 aja n'kusanduka 105.