Kukana ntchito imene mwapatsidwa popanda kudula ubale

"Ndimakhala ku Matawale ndipo ndimagwira ntchito ya zowerengera ndalama kuno ku Zomba. Bungwe lina la ku Lilongwe landitumizira kalata yondilemba ntchito, ndipo akufuna yankho pofika Lachisanu. Vuto ndi lakuti abwana anga apano anandilipirira maphunziro a zowerengera ndalama a ICAM, ndipo ndinasaina kuti sindichoka mpaka Juni chaka chamawa. Komanso malipiro awo, nditachotsera lendi ya ku Lilongwe, sakusiyana kwenikweni ndi apano. Ku Lilongweko sindinasaine kalikonse. Bungwelo ndimalifuna ndithu mtsogolomu. Ndilembe bwanji kuti asandione ngati ndawataitsa nthawi?"

Achemwali, musadikire Lachisanu. Ngati mtima mwamanga kale, imbani foni mawa m'mawa, kalata itsatire masana ake. Anthu ambiri amataya masiku akusakasaka mawu okoma, pomwe chimene olemba ntchito adzakumbukire ndi tsiku limene munawayankha.

Inu simunali nokha pa intaviyu. Gulu lofunsa mafunso lija likamaliza limaika anthu pamndandanda: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kawirikawiri wachiwiri sauzidwa kalikonse mpaka woyamba atasaina. Ndiye panopa kuli munthu wina amene akungoyang'ana foni, mwinanso akufunsira kwina. Mukayankha Lachiwiri, a ofesi yoona za ogwira ntchito amuimbira tsiku lomwelo, nkhani yatha. Mukakhala chete mpaka atopa n'kukuimbirani okha, wachiwiri uja akhoza kukhala atapita kale, ndipo bungwe liyambiranso kulengeza m'nyuzipepala, kusankhula makalata, kuitananso mabwana kuti akhale pansi tsiku lathunthu. Ngati ndi ntchito ya pulojekiti yoyendera ndalama za madona, mwezi umodzi wotayika choncho umaonekera mu lipoti. Amene amakwiyirayu si wokana ayi, koma wozengereza, ndiponso uja amene amavomera kenako osaoneka tsiku loyamba ntchito.

Pafoni musachulutse gaga m'diwa. Imbirani amene anasaina kalata kapena amene anakuuzani kuti mwapambana, pa nthawi ya ntchito. Dzitchuleni, thokozani, nenani kuti simukwanitsa kuyamba ntchitoyo chifukwa cha mgwirizano umene muli nawo mpaka Juni, ndipo kalata ikubwera lero lomwe. Kenako khalani chete mumve. Nthawi zina amafunsa kuti, "Kodi ndalama yotsala pa mgwirizanowo ndi zingati?" kapena "Mungayambe liti?" Choncho musanaimbe, tulutsani pepala limene munasaina muliwerengenso. Mapepala ena amalola munthu kuchoka bola abweze ndalama za sukulu, zonse kapena gawo lolingana ndi miyezi yotsala. Ngati lanu lili choncho, dziwiranitu yankho lanu, chifukwa mukanena kuti chokulepheretsani ndi mgwirizano iwo n'kunena kuti alipira, kenako inu n'kuyamba kutafuna lilime, adziwa kuti chifukwa chenicheni munabisa.

Apa ndi pamene pali nkhani. Mwatchula zifukwa ziwiri, ndipo m'kalata mulowe chimodzi chokha. Dzifunseni: akanati lendi alipira iwo, mukanapita? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti simukufuna kukana, mukufuna kukambirana, ndipo imeneyo ndi foni ina, yoimba musanalembe kalata iliyonse. Kumeneko mumafunsa malipiro otsala akadula msonkho wa PAYE ndi 5 peresenti yanu ya penshoni, mumafunsa za alawansi ya nyumba, za chithandizo cha kuchipatala ndi ndalama yosamukira. Koma ngati yankho ndi ayi, simungachoke Juni asanafike zivute zitani, za malipiro musazitchule n'komwe. Kulemba kuti "malipiro anu ndi ochepa" pomwe simukupita kale sikukupindulirani kanthu. Kumangosiya mawu mufayilo akuti mayi uyu ndi wodula, ndipo mawu amenewo adzawerengedwa ndi munthu amene sanakuoneni n'komwe.

Ubwino wa chifukwa cha mgwirizanochi ndi wakuti chili ndi tsiku lothera. Akuluakulu amati ukamachoka usamatseke ndi mwala, tseka ndi mayani. M'kalata yotere, mayaniwo ndi mwezi wa Juni umenewo. Mawu akuti "ndikhulupirira tidzagwirira ntchito limodzi mtsogolo" aliyense amalemba, ndipo palibe amene amawagwiritsa ntchito. Koma "ndidzakhala womasuka kuyambira Julaye chaka chamawa" ndi mawu amene mkulu woona za ogwira ntchito angalembe pakalendala. Kuwonjezera apo, chifukwachi chikukuchitirani umboni. Mukukana ntchito yabwino pofuna kusunga zimene munasaina, ndipo kwa munthu wogwira ndalama za eni, palibe mbiri yoposa imeneyo.

Kalatayo itha kukhala motere. Ngati yawo inabwera m'Chingerezi, yankhaninso m'Chingerezi, koma mfundo ndi kasanjidwe kake zikhale zomwezi. Pamwamba ikani keyala yanu ndi tsiku, kenako udindo wa amene mukumulembera, ndi nambala ya kalata yawo ngati inalipo.

Okondedwa Bambo,

YANKHO PA KALATA YONDILEMBA NTCHITO YA WOWERENGERA NDALAMA

Ndalandira kalata yanu yondipatsa ntchito ya wowerengera ndalama ku ofesi yanu ya ku Lilongwe, ndipo ndikuthokoza kwambiri pondisankha. Ndikuthokozanso onse amene anandifunsa mafunso, makamaka pondifotokozera momwe mukusinthira kayendetsedwe ka ndalama m'maofesi anu a m'maboma.

Monga ndinanenera pafoni m'mawa uno, sinditha kuilandira ntchitoyi. Amene ndikuwagwirira ntchito panopa anandilipirira maphunziro, ndipo ndinasaina kuti ndikhala nawo mpaka kumapeto kwa Juni chaka chamawa. Ndaona kuti n'koyenera kukwaniritsa lonjezo limeneli. Ndakudziwitsani msanga kuti mupeze mpata woitana wina.

Chidwi changa pa bungwe lanu chikadalipo. Kuyambira Julaye chaka chamawa ndidzakhala womasuka, ndipo pakadzapezeka mwayi ku nthambi ya zachuma ndidzafunsiranso. Ngati malamulo anu amalola, ndikupempha kuti musunge mapepala anga.

Ine wanu,
kenako siginecha, dzina ndi nambala ya foni.

Ndime zitatu basi, tsamba limodzi osadzaza. Taonani chiganizo chachiwiri cha ndime yoyamba. Chimene ndalembapo ndangopeka, inu muikepo chinthu chenicheni chimene chinakambidwa tsiku la intaviyu. Ndi chiganizo chimenecho chimene chimasonyeza kuti kalatayi yalembedwera iwo, sinangokoperedwa pa intaneti.

Taonaninso mawu akuti "sinditha kuilandira ntchitoyi". Ife pokana timakonda kuzungulira: "zikuoneka ngati zivutirapo pang'ono", "mwina pakadali pano". Kwa apongozi zimenezo n'zabwino. Muofesi, wowerenga akafika kumapeto asakudziwa ngati mwakana kapena mukufuna akuwonjezereni ndalama, sangaimbire wachiwiri uja, ndipo kufulumira kwanu konse kwapita pachabe. Ulemu uli m'kuthokoza ndi m'kufotokoza, koma kukanako kumveke kamodzi, poyera.

Kupepesa kokha musachulutse. Simunalakwe. Kalata yokulembani ntchito ndi pempho, ndipo mpaka mutavomera palibe chimene chikukumangani. Pamene pangakhale kamfunso ndi apa: angadabwe kuti munafunsiranji ntchito mukudziwa kuti ndinu womangika. Akafunsa pafoni, yankhani zoona m'mawu ochepa, kaya munkaganiza kuti ntchito idzayamba mochedwerapo, kaya munkayembekeza kuti abwana akumasulani. M'kalata musaziyambe nokha. Dzina la kumene mukugwira ntchito silikufunikanso m'menemo, ali nalo kale pa mapepala anu, ndipo musalembe chilichonse chodandaula za abwana anu. Dziko lathu ndi laling'ono, anthu a maofesi amenewa amakumana kumisonkhano ku Mangochi ndipo amacheza.

Potumiza, yankhani pa imelo yomwe ija anakutumizirani kalata, kuti nkhani yonse ikhale pamodzi. Sainani pepala, lijambuleni bwino, litumizeni ngati PDF, ndipo m'thupi la imelo lembani mizere iwiri yonena kuti yankho lanu lili m'kalatayo. Uthenga wa pa WhatsApp wokha sukwanira, chifukwa sulowa mufayilo, ndipo mwini foniyo akadzachoka pa ntchito umapita naye. Likatha tsiku limodzi osamva kanthu, imbani mungofunsa ngati yafika.

Pali anthu ena amene timawaiwala: aja munawalemba kuti akuchitireni umboni. Mwina ndi mphunzitsi wanu wakale wa ku Chirunga, mwina ndi abwana akale. Ngati bungwelo linawaimbira, iwo anaikapo dzina lawo pa inu. Auzeni nokha kuti ntchito munapatsidwa koma mwakana, ndi chifukwa chake, asadzamvere kwa ena. Mudzawafunanso chaka chamawa.

Musayembekezere zambiri kuposa zimene kalata ingachite. Mpando uja aupereka kwa wina, ndipo akhoza kukhalapo zaka. Mabungwe ambiri, makamaka oyendera ndalama za madona, malamulo awo amawakakamiza kulengeza ntchito iliyonse, ndiye ngakhale atakukondani chotani, mudzafunsiranso ngati wina aliyense. M'boma ndiye n'kosatheka kuti munthu mmodzi akusungireni malo. Chimene kalata imakugulirani n'chakuti dzina lanu likadzatulukanso pamulu wa makalata, wina adzati, "Mayi aja anatiyankha bwino," m'malo moti, "Awa musawaitane, adzatigwiritsanso fuwa lamoto."

Ndiye mu Meyi chaka chamawa, tsegulani imelo yomwe ija mulembe mizere itatu: kuti ndinu uja munapatsidwa ntchito yakutiyakuti, kuti mgwirizano wanu ukutha mwezi wamawa, ndipo mwaikamo mapepala anu atsopano. Powerengera tsiku limene mungayambe, kumbukirani kuti kutha kwa mgwirizano wa maphunziro si kutha kwa ntchito. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo kontirakiti yanu ikhoza kunena yotalikirapo, mwina miyezi itatu. Ngati yanu ili choncho, kapena ngati pepala lija silikulolani kupereka notisi Juni asanathe, sinthani mwezi wa Julaye uja m'kalata yokana ntchito ija muike mwezi umene mungafikedi ku Lilongwe, musanaitumize.