Chithunzi chaonetsa mphako, nanga makhololo ndi a chiyani?

"Achemwali, amuna anga akhala akutsokomola mwezi wathunthu. Tinalipira ndalama zathu kukajambulitsa pachifuwa, adokotala n'kutionetsa bowo kumtunda kwa phapo. Koma kukiliniki akuti sapereka mankhwala a TB mpaka apereke makhololo. Si kutichedwetsa kumeneku? Ine mayi wa ku Mabvuku."

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga ndili m'basi yochokera ku Mbare, ndipo mpaka kufika kunyumba ndinkangoganiza za malume anga.

Malume anagwira ntchito kumigodi kuyambira ali mnyamata, monga anachitira anthu ambiri akwathu amene makolo awo anabwera kuno ku Zimbabwe kuchokera ku Malawi. Atakalamba anadzakhala nafe ku Highfield. Mu 2009 anadwala chifuwa chachikulu, anamwa mankhwala miyezi 6, anachira. Mu 2016 chifuwa chinabwerera. Ankadzuka bulangete litanyowa ndi thukuta, lamba wa buluku tinachita kumubowola kawiri ndi msomali. Ine ndi amene ndinawatengera kwa dokotala wina wolipira m'tauni, poganiza kuti kumeneko n'kwachangu.

Dokotalayo anaika chithunzi pagalasi lowala n'kutilozera. Mapapo abwino amaoneka akuda chifukwa mumadzaza mpweya, nthiti ndi mtima zimaoneka zoyera. Koma kwa malume, kumtunda kwa phapo lakumanja, pansi pa fupa lopingasa m'munsi mwa khosi, panali mitambomitambo yoyera, ndipo pakati pake panali mkombero woyera wokhuthala, mkati mwake muli bii. Imeneyo ndiyo mphako. Tizilombo ta TB timakonda kumtunda kwa mapapo. Mnofu umene tadyapo umafa, umafewa, kenako umabowokera m'njira ya mpweya, munthu n'kuutsokomola. Pamatsala dzenje, ndipo m'khoma mwake tizilombo timaswana mwaunyinji. N'chifukwa chake wodwala amene ali ndi mphako amapatsira anzake mosavuta kuposa ena.

Dokotala uja anati ndi TB, palibe chokayikitsa. Analemba mankhwala omwe aja a mu 2009. Za makhololo sanatchule, ndipo ine sindinafunse. Mpaka lero zimandiwawa.

Patatha miyezi itatu malume anali atatheratu, ngakhale kuti sanadumphitse tsiku limodzi. Mkodzo wawo unali wofiirira ngati madzi a lalanje, chizindikiro choti rifampisini, mmodzi wa mankhwala a TB aja, ankamwadi. Namwino wa kukiliniki ya khonsolo ndiye anafunsa kuti, "Makhololo anayeza kuti?" Tinangoyang'anana. Anawapatsa kabotolo, makhololo anapita pamakina oyezera TB otchedwa GeneXpert, ndipo yankho linati TB ilipodi, koma ndi yosamva rifampisini. Miyezi itatu yonse ija tinkathira madzi pamsana pa bakha, uku malume akugona chipinda chimodzi ndi anyamata anga awiri.

Chithunzi chija sichinaname. Koma mphako ya TB yomva mankhwala ndi mphako ya TB yosamva mankhwala zimaoneka chimodzimodzi, ngakhale ataziyang'ana katswiri wamkulu bwanji. Chithunzi chimaonetsa malo amene awonongeka. Chimene chawononga, kaya chikadali chamoyo, kaya chingafe ndi mankhwala ati, zimenezo zili m'makhololo.

Komanso pachithunzi cha malume panali zinthu zitatu zosakanizika. Panali zipsera za TB ya mu 2009, chifukwa phapo likachira silibwerera mwakale, ndipo mphako ina imakhalabe yotseguka moyo wonse mulibe kachilombo ngakhale kamodzi. Panali timadontho toyera ta fumbi la miyala ya kumgodi, matenda amene amatchedwa silikosisi, amenenso amakonda kumtunda kwa mapapo ndipo amachititsa kuti munthu adwale TB msanga. Kenako panali nthenda yatsopanoyo. Ndani angalekanitse zonsezi ndi maso okha? Ndipo si mphako iliyonse imene ili ya TB. Thumba la mafinya lotsatira chibayo limaboola phapo, khansa ya m'mapapo nayonso imaboola, makamaka kwa osuta fodya. Kumupatsa munthu wa khansa mankhwala a TB miyezi 6 n'kumulanda nthawi imene akanathandizidwa. Ine ndimanena poyera, dokotala amene amayambitsa munthu wamkulu wotha kutsokomola pa mankhwalawa osatumiza n'komwe makhololo akulakwitsa, ngakhale ofesi yake ikhale yokongola bwanji.

Za anabele a m'chifuwa

Simunafunse za ana, koma ngati muli nawo m'nyumbamo mverani izi. Atapezeka malume ndi TB yosamva mankhwala, tonse tinaitanidwa kukayezedwa. Mdzukulu wa mchemwali wanga, wa zaka zitatu, ankangoonda ndi kunyentchera. Pachithunzi chake panalibe mphako. Ana aang'ono kawirikawiri sakhala nayo. Chimene chinaoneka ndi chotupa choyera pambali pa mtima, pamene njira za mpweya ndi mitsempha ya magazi zimalowera m'phapo. Pamenepo pali anabele, ofanana ndi aja amatupa m'khosi kapena m'khwapa. Tizilombo tikalowa m'thupi koyamba timakodwa m'menemo, anabele n'kutupa, nthawi zambiri mbali imodzi. Akakula kwambiri amapana njira ya mpweya, mwana n'kumalira m'chifuwa ngati wa mphumu.

Kwa mwana chizindikiro chimenechi chimalemera, chifukwa mwana sadziwa kulavula makhololo, amangomeza, ndiponso tizilombo take timakhala tochepa. Amayesabe kutenga madzi a m'mimba m'mawa asanadye, kapena kuyeza chimbudzi chake, koma ngakhale zitapanda kuonetsa kanthu dokotala amatha kuyamba mankhwala poona chithunzi, kuonda, ndi kuti m'nyumba muli wodwala. Ndipo mankhwala a mwana uja anasankhidwa potengera makhololo a malume. Makhololowo akanapanda kuyezedwa, mwanayo akanapatsidwanso osagwira.

Kwa wamkulu anabele otere ndi nkhani ina. Amaoneka kwambiri kwa amene ali ndi HIV chitetezo chitatsika, koma angakhalenso a khansa ya anabele. Munthu wa chitetezo chotsika chonchi akhoza kukhala ndi TB chithunzi chikuoneka chabwinobwino, chifukwa thupi lilibe mphamvu zolimbana mpaka kupanga mphako. Choncho amuna anu akauzidwa kuti ayezetsenso magazi, asakane.

Tsono mayi, kabotolo kaja apite nako mawa lomwe. Achukuche m'kamwa ndi madzi okha, aime panja kutali ndi anthu, akoke mpweya wambiri katatu, kenako atsokomole kuchokera pansi pa chifuwa. Akufuna zolendera zija, pafupifupi kasupuni ka tiyi, osati malovu. Malovu amatha kubweretsa yankho loti mulibe TB pamene ilimo. Makinawo amamaliza m'maola awiri kapena kucheperapo, kudikira kwina ndi kwa mayendedwe ndi mzere. Ngati anamwapo kale mankhwala a TB, anene, chifukwa GeneXpert imatha kupeza zotsalira za tizilombo takufa. Yankho likati mulibe, musataye chithunzicho, bwererani nacho kuti ayezenso ndi kufufuza zina. Likati ilimo, mankhwala ndi aulere kuzipatala za boma ndi za khonsolo, ndipo makhololo adzafunikanso kumapeto kwa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, poti chithunzi chimachedwa kusintha. Podikira, mawindo akhale otsegula, ndipo ana agone chipinda china.

Malume anachira atabayidwa jakisoni miyezi yambiri, koma jakisoniyo anawagonthetsa khutu limodzi. Masiku ano TB yotere akuichiza ndi mankhwala akumwa okhaokha. Chithunzi chawo chomaliza ndikadali nacho m'sutikesi, ndipo mphako ija ikuonekabe pamalo pomwe paja.