Kuomba m'manja kwa pafoni: ulemu kapena chipongwe?

Funso: Ndine msungichuma wa banki m'khonde kwathu kuno. Mtsikana wina analemba pagulu lathu la WhatsApp kuti "Tiuzeni 👏 zatsala 👏 zingati 👏". Nditayankha, anati "Zikomo ✨msungichuma wathu✨". Ine ndinakondwa, koma mwana wanga akuti wandinyoza. Zoona zake n'ziti? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, pa uthenga woyambawo mwana wanu sakulakwa. Wachiwiriwo ndi umene ukufunika kuuonetsetsa.

Chimene chinakusokonezani n'chomveka. Ife timaomba m'manja pothokoza, polonjera apongozi ndiponso pamaso pa mfumu, zikhatho titazipinda kuti kuombako kumveke mofatsa. Pafoninso timanja tikakhala kumapeto kwa uthenga, monga "Wakhoza mayeso 👏👏👏", n'kuyamikira ndithu. Koma tikalowa pakati pa mawu, nkhani yasintha. Kalembedwe kameneka kanachokera kwa anthu akuda a ku Amereka, makamaka amayi, amene pokangana kapena potsindika amaomba kamodzi pa liwu lililonse. Tizithunzi tiwiri tonseti, timanja ndi tinyenyezi, tinalowa mu 2010 mu Unicode, mndandanda wa zilembo ndi zizindikiro zimene mafoni ndi makompyuta amagwiritsa ntchito, ndipo patapita zaka zingapo chizolowezicho chinafala pa Twitter mpaka kutipeza kuno. Si chachilendo kwenikweni. Munaonapo mayi atapsa mtima pamjigo, akumenya chikhatho ndi kuseri kwa dzanja linalo uku akutchula mawu limodzilimodzi? Kuomba kwake n'komweko. Mtsikanayo amati, "Ndatopa kufunsa, ndiyankheni."

M'Chichewa kalembedweka kamatsimphina pang'ono, chifukwa mawu athu ndi aatali. "Sindidzakubwerekaninso" ndi liwu limodzi, pomwe Chingerezi chikanamwaza timawu tambiri, kalikonse ndi kuomba kwake. N'chifukwa chake achinyamata ena amaduladula liwulo m'maphatikizo: "Si👏ndi👏fu👏na". Apa ndiye pali ukali woposa, chifukwa zimamveka ngati mukuphunzitsa mwana wa Sitandade 1 kuwerenga. Chinanso chimene ine chimandigwira khutu ndi kuomba pambuyo pa timawu ngati za, wa kapena ndi. Tayesani kunena "Ndalama 👏 za 👏 gulu" mokweza uku mukuomba. Lilime limakana, chifukwa polankhula "za gulu" timatchulira kumodzi. Chomveka ndi "Ndalama 👏 za gulu 👏".

Tinyenyezi ndiye tochenjera. Kwawo ku Japani, kumene tizithunzi ta pafoniti tinayambira, timasonyeza chinthu chonyezimira, chatsopano kapena choyera bwino. Munthu akatchinga nato mawu uku ndi uku, amakhala ngati wawaika pa mbale ya alendo. Wina akalemba "Taonani ✨nyumba yathu✨" pansi pa chithunzi cha nyumba yongofoleredwa kumene malata, ndi chimwemwe chenicheni. Koma "Mwezi uno tikudyera ✨bonya✨" n'kudziseka, popeza bonya si ndiwo yonyadira. Chipongwe chimabadwa pamene mbale yakongola kuposa chimene chili m'mbalemo. Pamenepo tinyenyezi tagwira ntchito ya liwu lathu lija lakuti "ati": "Ati msungichuma!" Pakamwa timachita kukoka mawu ndi kupotoza mlomo, koma foni ilibe mlomo.

Ndiye tiyeni tiuone bwino uthenga wanu. Choyamba, onani chimene chatchingidwa. Akanalemba "✨Zikomo✨ msungichuma wathu", chonyezimira chikanakhala kuthokozako. Iye watchinga udindo wanu, ndipo watero atangomaliza kukuomberani mwaukali. Zimenezi zikundipendeketsa kumbali ya mwana wanu. Chachiwiri, kumbukirani zimene zinachitika pakati pa mauthenga awiriwo. Ngati munayankha nthawi yomweyo, masamu n'kugwirizana ndi za m'kaundula, mwina mtsikanayo anachita manyazi ndipo amafuna kukupepesani mosatchula kuti pepani. Ngati panadutsa masiku awiri, kapena munangoti "tidzakambirana pa msonkhano", ndiye kuti ndi "ati" uja. Mukhozanso kuyang'ana mauthenga ake akale. Pali ana ena amene amawaza tinyenyezi paliponse ngati mchere, ngakhale pa "mwadzuka bwanji", ndipo kwa oterowo sititanthauza kanthu.

Kaya anafuna chiyani, kuombera munthu wamkulu pakati pa mawu, pagulu pomwe, n'kupanda mwambo. Anzake a msinkhu wake akhoza kuseka nazo. Kwa inu akanangolemba kuti "Tiuzenitu zatsala zingati, amayi", chifukwa ka -tu kameneka kamatsindika mokwanira ndipo ulemu sutayika. Musamuyankhire pagulupo. Mukakumana tsiku loponya masheya, mum'patse foniyo awerenge yekha uthengawo mokweza, inu mumve mmene atchulire "msungichuma wathu".