Chifukwa chake malevulo oyamba amabwera msanga

"Ndakwera malevulo anayi usiku umodzi, koma pano ndangoima. Chavuta n'chiyani?"

Palibe chavuta, masewerawa anapangidwa choncho. Mu masewera a Dungeons & Dragons a 2014, levulo 2 imafuna mapointi 300, levulo 3 imafuna 900, levulo 4 imafuna 2,700, koma levulo 5 imafuna 6,500, kuwerengera onse kuchokera pachiyambi. Goblin mmodzi, mdani wofooka, amapereka mapointi 50 mukamugonjetsa. Mukamasewera nokha, asanu ndi mmodzi akukwanirani kufika levulo 2, pomwe kuchoka pa 4 kufika pa 5 pangafunike 76. Opanga amafupikitsa dala chiyambi kuti mupeze luso latsopano musanagwe ulesi. Mwina mukungomenyabe adani ofooka omwe aja. Sunthirani kwa amphamvu, chifukwa ogre mmodzi yekha amapereka 450.